Tadala akalankhula Lachisanu ku kalabu: kodi kuchezera kuwerenga kumakhozetsa mayeso?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndine Tadala wa Fomu 3, ndikulemba pa foni ya amayi. Madamu andisankha kuti Lachisanu likubwerali ndikalankhule ku kalabu yathu ya saikoloje pa nkhani ya tulo ndi mayeso, ndipo andipatsa mphindi 7 zokha. Ndalemba tsamba limodzi, koma ndikaliwerenga likungomveka ngati malangizo a pa asembule, akuti muzigona mokwanira, tulo n'tabwino. A Fomu 4 adzakhalapo, ndipo iwowo ndi amene akuchezera kuwerenga chifukwa MSCE yayandikira. Ndinene chiyani choti munthu wotere aime kaye n'kumva? Chonde ndithandizeni.

Madamu Nkhoma: Ndine ndamuuza kuti afunse pano, chifukwa pali akale a kalabuyi amene pano ali ku ntchito ndi ku koleji. Muthandizeni mwanayu, koma musamulembere zonse.

Nachisale: Zikomo Madamu. Nkhani imeneyi ndi yofunika kwathu kuno. Mwana wa mlamu wanga amene amakhala kufupi ndi paki ya Kasungu ankangosinza m'kalasi, aphunzitsi ankati ndi ulesi, koma atapita naye kuchipatala anapeza kuti ndi kaodzera. Tadala ukawauze anzako za ntchentche zofalitsa matendawa.

Limbani: Mayi Nachisale, mwanena zoona kuti kaodzera alipo m'madera oyandikana ndi paki, ndipo mwana amene akusinza masana pamodzi ndi kutentha thupi, mutu ndi kufooka apite kuchipatala msanga, asadikire. Koma zimene Tadala wapatsidwa ndi zina. Iyeyu akunena za ana abwinobwino amene akudzimana okha tulo kuti awerenge.

Nachisale: Oo, ndamva tsopano. Ndiye wangayonso ali momwemo. Amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, mwezi wa Juni uno.

Yamikani: Ine ndine mmodzi wa a Fomu 4 amene akunenedwawo. Asisi Tadala, sindidzakusekani, koma ndiyankheni ichi. Ndimapalasa njinga makilomita 9 kupita kusukulu. Ndikafika kunyumba cha m'ma 4 koloko, ntchito ikundidikira, miyezi yapitayi tinali pa kusankha fodya m'chigafa mpaka mdima. Tikadya nsima ndimawerenga pang'ono, n'kugona 10 koloko. Ndimadzuka 2 koloko usiku, kuwerenga mpaka 5 koloko, kenako kusamba ndi kunyamuka. Maola atatu amenewo ndiwo anga, palibe wondituma. Mukandiuza kuti ndigone, silabasi ya Bayoloje andimalizira ndani?

Bambo Kamanga: Mnyamatayo akunena zoona. Ine ndaphunzitsa masamu zaka zoposa 30 ndisanapume, ndipo nanenso ndinakhoza ndi koloboyi, kudzuka tambala woyamba asanalire. Mutu wa m'bandakucha ndi wopepuka, umagwira msanga. Tisawaphunzitse ana ulesi.

Limbani: Aphunzitsi, ndinu munandiphunzitsa masamu, ndiye ndiyankha mwaulemu. Pa mutu wa m'mawa sindikutsutsani. Munthu amene wagona mokwanira n'kudzuka 5 koloko amagwiradi zinthu msanga. Koma chomwe chikuupepula mutuwo ndi tulo tomwe wagonato, si ola la pa wotchi. Yamikani akugona 10 koloko n'kudzuka 2 koloko, amenewo ndi maola 4. Akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Iyeyu akupeza theka la mlingo wotsikitsitsawo.

Tadala, ukayamba ndi maola 8 mpaka 10 amenewa, anzako atseka makutu, chifukwa anazimva kale. Yamba ndi funso ili: zimene wawerenga lero zimapita kuti usiku? Pamenepo mpamene pali nkhani.

Mu 1924, pa yunivesite ya Cornell ku America, akatswiri awiri, Jenkins ndi Dallenbach, anatenga ophunzira awiri n'kumawaloweza timawu 10 topanda tanthauzo. Nthawi zina ankaloweza kenako n'kukagona, nthawi zina ankaloweza n'kupitiriza zochita za tsiku. Ankawafunsa pakatha ola limodzi, awiri, anayi kapena 8. Pa maola 8, akakhala kuti anagona ankakumbukira timawu toposa theka, koma akakhala kuti anali maso ankakumbukira pafupifupi kamodzi kokha. Nthawi yodutsa ndi yofanana, anthu ndi omwewo, kusiyana kwakukulu ndi tulo. Anthu awiri ndi ochepa, n'zoona, koma ena ambiri abwereza zoterezi m'zaka zotsatira ndi magulu akuluakulu, ndipo kawirikawiri ogona ndi amene amasunga zambiri.

Tadala: Achimwene, chifukwa chake n'chiyani? Ndimaganiza kuti munthu akagona ubongo umazima ngati wailesi.

Limbani: Suzima ayi. Mkati mwa ubongo, cha kumbali zonse ziwiri, muli kachigawo kotchedwa hipokampasi. Zatsopano zimene waphunzira masana zimayamba zagwiridwa mmenemo, koma zimakhala zisanakhazikike, moti zina zikabwera pamwamba pake zimasokonezeka mosavuta. Ukagona tulo tofa nato, kachigawo kameneka kamabwereza zimene kanagwira masana, mobwerezabwereza, n'kumazilumikiza ndi zigawo za kunja kwa ubongo kumene zinthu zimakhalitsa. Izi anaziona ndi maso mu 1994, Wilson ndi McNaughton atalumikiza timawaya ku ubongo wa makoswe. Timaselo timene tinkayaka pamodzi khoswe akuyendayenda kufuna chakudya, tinayakanso pamodzi khosweyo ali m'tulo. Kunena kwina, ankabwereza phunziro lake ali chigonere.

Tadala: Ndiye zili ngati chimanga. Masana timakolola n'kuunjika m'munda, usiku ngolo imabwera kudzatuta kupita nacho kunkhokwe. Ukapanda kutuma ngolo, chiswe ndi mbuzi zikutha m'munda momwemo.

Madamu Nkhoma: Chimenecho usachisinthe, ukachinene choncho. Aliyense m'kalasimo anakwerapo ngolo.

Limbani: Chili bwino kwambiri. Koma uwonjezere mbali yachiwiri kuti Aphunzitsi a Kamanga asakugwire: ngolo imatuta zomwe zakololedwa zokha. Amene sanawerenge, ngakhale agone maola 10, kunkhokwe sikufika kanthu. Tulo sitilowa m'malo mwa buku.

Bambo Kamanga: Pamenepo tagwirizana.

Esinati: Moni nonse, ndachedwa kulowa, netiweki inavuta. Ine ndinachoka pa sukulupo zaka zitatu zapitazo, pano ndili ku koleji ya uphunzitsi. Yamikani, ndikuuze zanga. Usiku woti mawa ndi pepala la Jogalafe pa MSCE sindinagone n'komwe. Ndinathira masupuni atatu a khofi m'kapu, n'kuwerenga mpaka kucha. M'chipinda cholembera ndinawerenga funso limodzi katatu osalimva. Panali poti usankhe mafunso angapo, ine ndinayankha mopitirira pa gawo limodzi n'kusiya gawo lina lonse. Zinthuzo ndinkazidziwa, ndinazikumbukira zonse ndili panjira yobwerera kunyumba, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kulira. Ndinapeza 6 pa phunziro limene pa mayeso oyeserera ndinapeza 3. Ndiye Tadala, uwauze kuti chachikulu ndi kugona bwino usiku woti mawa mayeso. Masiku enawa munthu akhoza kudzipanikiza.

Limbani: Esinati, nkhani yako ndi yamphamvu, ndipo ikusonyeza chinthu china chosiyana ndi kukumbukira. Munthu wosagona amataya tcheru. Amalumpha mawu akuti "osati" mu funso, amasokoneza malangizo, amalemba yankho pa nambala yolakwika. Ku Australia anayezapo anthu amene akhala maso maola 17, n'kupeza kuti pa zoyesa changu ndi tcheru ankachita ngati munthu amene wamwako mowa. Ukadzuka 2 koloko usiku, maola 17 amakwana 7 koloko madzulo, nthawi imene Yamikani akutsegula buku atadya nsima.

Koma pamene wati masiku enawa munthu akhoza kudzipanikiza, pamenepo ndikutsutsa, ndipo Tadala ichi ndicho chikhale mtima wa zolankhula zako. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa pa yunivesite ya MIT ku America. Ophunzira pafupifupi 100 a kalasi imodzi ya Kemisitiri anavala timawotchi toyeza tulo temu yonse, ndipo akatswiri anayerekeza tulo tawo ndi malikisi awo. Anapeza kuti kutalika kwa tulo, ubwino wake ndi kusasinthasintha kwa nthawi yogona, zikaphatikizidwa, zinkafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa malikisi pakati pa ophunzirawo. Chodabwitsa chinali chakuti tulo ta usiku umodzi woti mawa mayeso sitinaonetse kugwirizana ndi malikisi. Tomwe tinagwirizana ndi malikisi ndi tulo ta sabata ndi mwezi wonse mayeso asanafike, nthawi imene ankaphunzira zinthuzo.

Ukaganiza za ngolo ya Tadala zikumveka. Zimene waphunzira Lachiwiri zimafuna ngolo ya Lachiwiri usiku. Sungaunjike chimanga m'munda mwezi wathunthu n'kuyembekeza kuti ulendo umodzi wa ngolo pa tsiku lomaliza utute chonse.

Esinati: Ndiye mukutanthauza kuti usiku womalizawo ulibe ntchito? Zomwe zinandichitikira ine zija?

Limbani: Ayi, si choncho. Kwa ophunzira a ku MIT aja, chimene sichinaoneke pa malikisi ndi kusiyana kwa tulo tawo ta usiku womaliza. Iwe sunagone n'komwe, imeneyo ndi nkhani ina. Komanso ndinene poyera malire ake: kafukufukuyu anangoona zimene zikuyendera limodzi, sanalamule ena kugona ndi ena kuchezera. Mwina ophunzira amene amagona pa nthawi yake ndi omwenso amakonza bwino nthawi yawo yowerenga. Ndipo anali a ku yunivesite ya ku America, okhala ndi magetsi ndi bedi, osati a Fomu 4 a kwa Santhe kapena kwa Chulu. Tadala ukamanena uziti "anapeza kuti zimayendera limodzi", usati "anatsimikiza".

Yamikani: Achimwene Limbani, zonsezo ndamva, koma ine sinditopa. Poyamba zinkandivuta, sabata yoyamba ndinkasinza, pano thupi linazolowera. Ndikadzuka 2 koloko ndimakhala bwinobwino.

Madamu Nkhoma: Yamikani, ndinene pano kapena ndikuuze pawekha?

Yamikani: Nenani Madamu.

Madamu Nkhoma: Lachitatu lapitali pa piriyodi ya 11 koloko tinkachita za impso. Ndinakuyang'ana katatu. Maso anali otsegula, cholembera chili m'manja, koma chinaima pa mawu amodzi n'kukoka mzere kutsika nawo pansi pa tsamba. Katenge kope lako uone tsamba limenelo. Sindinakudzudzule chifukwa ndikudziwa kumene ukuchokera ndi ntchito imene umagwira. Koma phunziro lija linakudutsa, ndipo usiku wake unadzuka 2 koloko kuti udziphunzitse wekha zomwe ndinaphunzitsa iwe uli pompo.

Yamikani: Ndaona. Mzerewo ulipodi.

Limbani: Kuzolowera kumene ukunenako ndiko kumapusitsa anthu ambiri, ngakhale ife a kuchipatala tikamagwira ntchito usiku. Mu 2003 ku yunivesite ya Pennsylvania anatenga anthu akuluakulu athanzi n'kumawalola kugona maola 6 okha, ena maola 4, kwa masiku 14. Tsiku ndi tsiku ankawayeza tcheru, n'kuwafunsanso kuti akumva tulo motani. Zoyezazo zinkatsikiratsikira tsiku lililonse, moti pakutha pa masabata awiri a maola 6 aja ankalakwitsa ngati munthu amene wachezera usiku wathunthu kapena kuposa. Koma iwo eni ankati tulo akutimva pang'ono chabe. Chimene chimazolowera ndi kamvedwe ka kutopa, koma kagwiridwe ka ntchito ka ubongo kamapitirira kutsika.

Ndiye usadzifunse kuti kodi ndatopa. Dzifunse izi: kodi ndikuwerenga ndime imodzi kawiri katatu osatolapo kanthu? Kodi ndikangokhala phee m'kalasi mutu ukugwa? Kodi Loweruka kapena Lamulungu, pakapanda wondidzutsa, ndimagona maola awiri atatu kuposa masiku ena? Ukayankha inde, ngongole ya tulo ilipo.

Bambo Kamanga: Nanga ife amene tinakhoza ndi koloboyi tinali ndani? A m'kalasi mwathu amene anasankhidwa kupita ku yunivesite onse anali ochezera.

Esinati: Aphunzitsi, nanga amene ankachezera koma sanasankhidwe analipo angati? Ku hositelo kwathu tonse tinkachezera, koma okhoza bwino anali ochepa.

Bambo Kamanga: Analipo ambiri, sindikana. Komabe ine ndimaona kuti mwana amene wadzuka usiku waonetsa mtima wofuna, ndipo mtima umenewo ndi umene umakhozetsa. Ndimaopa kuti mukawauza za tulo, aulesi ndi amene adzaombe m'manja kwambiri.

Madamu Nkhoma: Mantha amenewo ndili nawo inenso. N'chifukwa chake ndikufuna Tadala alankhule kwa akhama ngati Yamikani, osati kupereka chifukwa kwa ogona pa prepu.

Tadala: Ndiye Yamikani achite chiyani kwenikweni? Chifukwa akandifunsa Lachisanu pamaso pa anthu, sindikufuna kungoti "muzigona".

Limbani: Tiyeni tiwerengere limodzi tsiku lake. Panopa amawerenga pafupifupi ola limodzi madzulo ndi maola atatu usiku, onse pamodzi 4. Yamikani, mwa maola atatu a usikuwo, ndi angati amene umakhaladi ukuwerenga, osati kulimbana ndi tulo?

Yamikani: Kunena zoona, ola loyamba limayenda. Ikamakwana 4 koloko ndimangoyang'ana tsamba. Nthawi zina ndimadzidzimuka tochi ili chiyakire, mabatire atafooka.

Limbani: Ndiye maola enieni ndi awiri kapena awiri ndi theka, ndipo mtengo wake ndi mapiriyodi a masana amene akukudutsa. Tayesa izi. Fodya watha kusankhidwa, ndiye pempha makolo kuti kuyambira pano mpaka mayeso akumasule ikamakwana 6 koloko. Mukadya, werenga kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko, ndipo zoloweza monga Bayoloje ndi Histole uziike kumapeto, kuti ukatseka buku upite kukagona zisanasakanikirane ndi zina. Gona 9 koloko, dzuka hafu pasiti 4. Amenewo ndi maola 7 ndi theka, sanafike pa 8 koma ali kutali ndi 4. Mphindi 30 za m'mawazo usatsegule mutu watsopano. Tseka buku, tenga pepala, lemba zonse zimene ukukumbukira za dzulo, kenako tsegula uone zomwe zasowa. Kudzifunsa wekha kotero kumakhazikitsa zinthu kuposa kuwerenganso tsamba lomwelo. Onse pamodzi ndi maola awiri ndi theka, ofanana ndi enieni amene uli nawo panopa, koma m'kalasi udzakhala ulipo.

Pali chifukwa china chimene ndikukanira kudula tulo pa 2 koloko. Tulo timayenda m'magawo obwerezabwereza, lililonse pafupifupi mphindi 90. Kumayambiriro kwa usiku kumachuluka tulo tofa nato, kumapeto kwake, cha m'bandakucha, kumachuluka tulo ta maloto. Wodzuka 2 koloko amapezako tofa nato tija, koma ta maloto amataya tochuluka. Akatswiri sanagwirizane kwathunthu kuti gawo lililonse limagwira ntchito iti, koma zikuoneka kuti onse awiri ndi ofunika, ndipo usiku wathunthu umathandiza ngakhale pa kuona njira ya samu imene inakukanika dzulo. Aphunzitsi a Kamanga, ichi ndi chanu: mu 2004 ku Lübeck ku Germany anapatsa anthu ntchito ya manambala imene inali ndi njira yachidule yobisika. Mwa amene anagona usiku asanabwerezenso ntchitoyo, oitulukira njirayo anali oposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene anakhala maso.

Bambo Kamanga: Chimenecho ndachionapo ndekha. Samu imene yakukana usiku, m'mawa umangoiona yatseguka. Ndinkati ndi mutu wa m'mawa.

Yamikani: Vuto ndi lakuti ndikagona 9 koloko tulo sitibwera. Ndipo 2 koloko ndidzadzuka ndekha ngakhale popanda alamu. Komanso madzulo kunyumba kuli phokoso, ang'ono anga anayi, chipinda chimodzi, tochi imodzi.

Limbani: Za kudzuka wekha, thupi lazolowera ola limenelo, ndiye usalisinthe tsiku limodzi. Kankhira alamu kutsogolo ndi mphindi 30 pakatha masiku awiri kapena atatu alionse: hafu pasiti 2, kenako 3 koloko, mpaka ufike hafu pasiti 4. Zitenga pafupifupi masabata awiri. Ukadzuka nthawi isanakwane usayatse tochi, khala chigonere. Za tulo kusabwera msanga, achinyamata ambiri ali choncho, chifukwa pa msinkhu wanuwu melatonini, amene amauza thupi kuti kwada, amayamba kutuluka mochedwerapo kusiyana ndi ana aang'ono. Kuwala kwa foni pafupi ndi maso ndi macheza a pa foni zimakankhiranso tulo kutsogolo. Umamwa chiyani madzulo?

Yamikani: Tiyi wowirira wopanda mkaka, nthawi zina khofi ndikapeza ndalama.

Limbani: Ndi zimenezo. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana adenosini, ndiye amene amabweretsa kulemera kwa zikope. Kafini wa mu khofi ndi tiyi amatseka malo amene adenosini amagwira, moti sumva tulo, koma adenosiniyo sanachoke, akungodikira. Ndipo kafini satuluka msanga, pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'thupi. Kapu ya 8 koloko madzulo, theka lake lilipo 1 koloko usiku, ndipo ngakhale ugone, tulo take timakhala tosazama. Ngati ukufuna tiyi, imwa m'mawa. Ikapitirira 2 koloko masana usamwenso. Ukafika kunyumba uli wofooka, gona mphindi 20 zokha, wina akudzutse, chifukwa ukapitirira umalowa tulo tofa nato n'kudzuka mutu uli wolemera, usiku n'kusowanso tulo.

Za phokoso ndi tochi imodzi, pamenepo ndilibe yankho la kuchipatala.

Nachisale: Pamenepo ndi pa ife makolo. Ine sindinkadziwa, ndinkanyadira ndikaona kuwala m'chipinda mwa mwana usiku, ndinkati akulimbikira. Ndine ndinkamugulira khofiyo. Koma kunena zoona, si makolo onse angamasule mwana 6 koloko. Atsikana ndiye kwambiri, kutunga madzi, kuphika, kutsuka mbale, amamaliza 8 koloko. Mtsikana wotere awerenge nthawi yanji ngati si usiku?

Esinati: Ndi a selofu aja amene amachita lendi pa tireding'i, chipinda chimodzi anthu anayi, wina akuphika, wina wayatsa wailesi, nsikidzi ndi udzudzu osanena. Munthu ukhoza kugona maola 8 pa wotchi koma tulo tenitento ndi maola 5.

Madamu Nkhoma: Izi ndizitengera kwa ahedi ndi ku komiti ya makolo. Ndikuganiza zoti kalasi imodzi izikhala yotsegula kuyambira pomwe taweruka mpaka hafu pasiti 4, kuti oyendera awerenge kukadali kowala asanapite ku ntchito za kunyumba. Sindikulonjeza, chifukwa ochokera kutali ngati Yamikani ayenera kufika kwawo kusanade, ndipo makolo ena sadzalola. Tadala, ichi uchinene ngati funso kwa anzako, usachibise. Ukanamizira kuti aliyense angagone maola 8 akangofuna, atsikana a m'kalasimo adzadziwa kuti sukunena za iwo.

Tadala: Madamu, ndaganiza china. Bwanji tiyese tokha zija za 1924 Lachisanu lisanafike? Ndili ndi anzanga 12 a mu kalabu.

Limbani: Zingatheke. Lemba mawu awiriawiri osagwirizana, mapeya 20, monga khasu ndi mtambo, nsapato ndi mchere. Gawa anzako pawiri mwa maere, osati mwa kusankha. Gulu loyamba liloweze mphindi 10 nthawi ya 6 koloko m'mawa, lifunsidwe 6 koloko madzulo. Lachiwiri liloweze 6 koloko madzulo, lifunsidwe 6 koloko m'mawa mwake. Pofunsa, upereke liwu loyamba, iwo alembe lachiwiri. Kenako usinthanitse maguluwo ndi mapeya atsopano, kuti aliyense ayesedwe mbali zonse ziwiri. Akangomaliza kuloweza pepalalo lichoke m'manja mwawo.

Koma konzekera kuti mwina sizituluka monga ukuyembekezera. Anthu 12 ndi ochepa, wina adzabwereza mawuwo mumtima ali panjira, wina sadzagona bwino usiku umenewo. Komanso magulu awiriwo akuloweza pa nthawi zosiyana za tsiku, ndiye Aphunzitsi a Kamanga akhoza kunena kuti ogonawo akhoza chifukwa afunsidwa ndi mutu wa m'mawa, ndipo sungawatsutse ndi zimenezi zokha. Zikatuluka mosiyana, ukanene momwe zatulukira ndi zifukwa zimene ukuganiza. Usasinthe nambala ngakhale imodzi.

Bambo Kamanga: Ndidzanenadi zimenezo. Koma kuwerengera malikisiwo ndikuthandiza, unditumizire mapepalawo kudzera kwa Madamu.

Tadala: Zikomo Aphunzitsi. Nachi chiyambi chimene ndalemba tsopano, mundiuze ngati chili bwino:

"Anzanga, ndikufunseni. Ndani pano anawerengapo usiku wonse, m'mawa n'kupeza kuti mutu uli mbee? Musaope, kwezani mkono. Simuli aulesi, ndinu akhama kuposa ambiri. Koma tonse tikudziwa kuti chimanga chokololedwa sichinafike kunkhokwe mpaka ngolo itabwera. Kuwerenga ndi kukolola. Ngolo imabwera tikagona, ndipo imatuta za tsiku lomwelo. Lero ndikuuzani za ophunzira awiri a mu 1924, za makoswe amene ankabwereza phunziro ali m'tulo, ndi zimene ife 12 tapeza sabata ino."

Kenako ndinene za MIT, kenako tsiku la munthu wodzuka 2 koloko popanda kutchula dzina, n'kumaliza ndi funso la atsikana ndi oyendera.

Madamu Nkhoma: Mphindi 7 sizikwana zonsezo. Chotsa makoswe kapena uwanene m'chiganizo chimodzi. Za khofi uzisunge, wina adzafunsa ndithu pa nthawi ya mafunso.

Esinati: Nkhani yanga ya Jogalafe uitenge ngati ukufuna, unene kuti ndi wakale wa pa sukulu pompano.

Yamikani: Dzina langa utchule, palibe vuto, onse akudziwa kale kuti ndine wa 2 koloko. Achimwene Limbani, hafu pasiti 4 sindikulonjeza, mitu itatu ya Bayoloje sindinaigwire n'komwe ndipo mtima sungandilole. Ndiyamba ndi 3 koloko usiku uno, ndipo khofi ndasiya. Madamu, za impso zija mungandibwerezereko mawa pa buleki?

Madamu Nkhoma: Bwera ndi kope lija. Tadala, maenvelopu a mapeyawo udzatenge ku sitafu rumu mawa tisanalowe m'kalasi, ndipo ubwere ndi mayina 12 aja kuti tichite maere.